Makoma, Mbali Zolendewera ndi Zochirikiza: Mmene Timakonzekerera Bulaketi pa Pulinta ya Filamenti

Pulinta ya filamenti imamanga chinthu posungunula ulusi wa pulasitiki, womwe nthawi zambiri umakhala wochindikala mamilimita 1.75, n'kuutulutsira pa kabowo kakang'ono kotchedwa nozo, kenako n'kumayala mizere yopyapyala pamwamba pa inzake mpaka chinthucho chitaima. Mizere yonse yoyalidwa pa msinkhu umodzi imatchedwa leya. Pali mfundo ziwiri zochokera pa kagwiridwe ka ntchito kameneka zimene zimalamulira china chilichonse. Yoyamba ndi yakuti mzere uliwonse umatuluka uli wofewa, choncho umafuna pokhala, ndipo ukasowa pokhala umagwa kapena kupiringizika. Yachiwiri ndi yakuti pulasitiki imalimba kwambiri motsatira utali wa mzere kusiyana ndi pamene maleya awiri amatana, chifukwa leya yatsopano imagwera pa inzake imene yayamba kale kuzizira, ndipo kumatana kwake sikufika pa mphamvu ya pulasitiki yosadukiza.

Anthu ambiri amaona kuchindikala kwa makoma, kupendekeka kwa mbali zolendewera ndi malo a zochirikiza, zomwe ndi timizati tosakhalitsa tonyamula mbali zolendewerazo, ngati nkhani zitatu zosiyana, chifukwa mu silaisa, pulogalamu imene imadula chojambula kukhala maleya, zimapezeka pa malo osiyana. Ine ndimaona kuti zonsezi zimachokera pa chisankho chimodzi chimene chimachitika silaisa isanafunse kanthu, chomwe ndi mbali imene chinthucho chigonere pa bedi ya pulinta, malo osalala pamene chimamangidwira. Kuti zimenezi zimveke, titsatira chinthu chimodzi kuyambira pa chojambula mpaka pochichotsa pa bedi.

Chinthucho ndi bulaketi yooneka ngati chilembo cha L. Mbali imodzi, imene tiitcha msana, imamangidwa kukhoma ndi masikuluwu awiri a M4, ndipo mbali inayo, imene tiitcha mkono, imatuluka mopingasa n'kunyamula katundu wolemera makilogalamu 2 kumapeto kwake. Msana ndi mkono zonse ndi zotalika mamilimita 60, m'lifupi mamilimita 20, ndipo ndi zochindikala mamilimita 6. Pa ngodya yam'kati pali nthiti ya makona atatu yolimbitsira, ndipo kunsi kwa mkono kuli kakhutu kochindikala mamilimita 4 kamene kamalowa pakati pa mano awiri a chipangizo china. Tigwiritsa ntchito pulasitiki ya mtundu wa PLA, nozo ya mamilimita 0.4, mizere ya m'lifupi mamilimita 0.45 ndi maleya a mamilimita 0.2.

Mmene igonere pa bedi

Njira imene imakopa munthu poyamba ndi kugoneka mkono chafufumimba pa bedi, msana n'kumakwera m'mwamba ngati khoma. Zimaoneka bwino pa sikirini, ndipo mbali zikuluzikulu sizifuna chochirikiza chilichonse. Vuto limaoneka bulaketi ikamangidwa n'kupatsidwa katundu. Katundu akakanikiza mkono, mbali ya msana imene ili pakati pa ngodya ndi sikuluwu yapamwamba imapindika, ndipo kupindikako kumakoka pulasitiki motsatira utali wa msana. Pa kagonekedwe kameneka, utali wa msana ndi kumene maleya asanjikizana, kotero katundu amakhala akulekanitsa leya ndi inzake. Bulaketi yotere ikathyoka, imaduka mosalala ngati yadulidwa ndi mpeni, ndipo pothyokapo pamaoneka mizere ya leya imodzi yonse bwinobwino. Kuthyoka kosalala chonchi ndi umboni wakuti cholakwika ndi kagonekedwe, osati kuchepa kwa pulasitiki, ndipo kuwonjezera makoma kumangothandiza pang'ono.

Njira yoyenera ndi kuigoneka cham'mbali, kuti chilembo cha L chonse chioneke pa leya iliyonse. Pamenepa mzere uliwonse wa khoma umachoka kumapeto kwa mkono, n'kukhota pa ngodya, n'kupitirira mpaka kumapeto kwa msana osaduka, ndipo katundu amakoka motsatira mizere. Bulaketi imakhala yotalika mamilimita 20 kuchokera pa bedi, amene ndi maleya 100. Koma kagonekedwe aka kali ndi mtengo wake: mabowo a masikuluwu akugonabe mopingasa, ndipo nthiti ndi kakhutu, zomwe zinajambulidwa pakati pa m'lifupi mwa bulaketi, zayamba kuyandama m'malere mamilimita 8 pamwamba pa bedi. Tavomera mavuto amenewa mwadala, chifukwa ali ndi njira zowathetsera, pamene kufooka kwa pakati pa maleya kulibe njira yeniyeni yokuthetsera.

Makoma

Mawu akuti khoma amatanthauza zinthu ziwiri pa ntchito imeneyi, ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa. Pali chiwerengero cha mizere yozungulira kunja kwa leya iliyonse, chimene mu silaisa ya Cura chimalembedwa `Wall Line Count` ndipo mu silaisa ya PrusaSlicer chimalembedwa `Perimeters`. Palinso kuchindikala kwa mbali yopyapyala imene wojambula anaika pa chojambula chake.

Tiyambe ndi chiwerengero cha mizere. Chinthu chikamapindika, pulasitiki imene ili kunja kwenikweni ndi imene imagwira ntchito yaikulu, chifukwa mbali imodzi imakokedwa, mbali inayo imapanikizika, pamene pakati penipeni sipamva kanthu. N'chifukwa chake kuwonjezera infilo, yomwe ndi ukonde wodzazira m'kati, sikupindulitsa ngati kuwonjezera mizere ya kunja. Pa mkono wathu wochindikala mamilimita 6, mizere iwiri mbali iliyonse imapanga khoma la mamilimita pafupifupi 0.86, ndipo mizere inayi imapanga khoma la mamilimita pafupifupi 1.67. Tikawerengera kukana kupindika kwa mkonowu, titaika pansi ndi pamwamba potseka pa milimita imodzi, n'kuiwala infilo yonse, mizere iwiri imapereka pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulimba kwa mkono wodzaza ndi pulasitiki yokhayokha, pamene mizere inayi imapereka kupitirira magawo 9 mwa 10. Mzere wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi umawonjezera zochepa kwambiri, chifukwa umakhala ukulowera chapakati pamene palibe ntchito. Choncho pa bulaketi iyi tisankha mizere inayi, maleya asanu otseka pansi ndi asanu pamwamba, ndi infilo ya 20 kapena 25 peresenti, imene ntchito yake yaikulu ndi kunyamula maleya apamwamba ndi kugwira makoma awiriwo kuti asayandikane.

Mwina mwadabwa kuti mizere iwiri ya mamilimita 0.45 ikupereka 0.86 m'malo mwa 0.90. Mzere wa pulasitiki si wamakona anayi, m'mbali mwake ndi mobulungira, ndipo PrusaSlicer imailowetsana pang'ono kuti pakati pake pasatsale mpata. Mtunda wa pakati pa mzere ndi unzake umawerengedwa motere:

```
0.45 - 0.2 × (1 - π/4) ≈ 0.407
```

Mzere woyamba umatenga 0.45, ndipo uliwonse wowonjezera umatenga 0.407. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa, koma ndi kumene kumapangitsa kuti mbali yopyapyala ituluke yolimba kapena ya mphako.

Apa ndi pamene tanthauzo lachiwiri la khoma limabwera. Kumapeto kwa mkono wa bulaketi yathu kuli kamlomo koletsa katundu kuterereka, ndipo tiyerekeze kuti wojambula anakapatsa milimita imodzi chifukwa ndi nambala yosavuta kukumbukira. Mizere iwiri ikwana 0.86, ndipo patsala kampata ka 0.14 kamene sikangalowe mzere wathunthu. Masilaisa akale ankasiya kampatako kopanda kanthu, kapena ankakadzaza ndi timizere tosweka timene timagwedeza makina popanda kulimbitsa kanthu, ndipo kamlomoko kankatha kung'ambika pakati ngati mapepala awiri omatidwa m'mphepete mokha. Kuyambira mu 2022, pamene Cura 5.0 ndi PrusaSlicer 2.5 zinayamba kugwiritsa ntchito njira yotchedwa Arachne, silaisa imatha kukulitsa kapena kuchepetsa m'lifupi mwa mzere kuti ikwanitse mpata wotere, ndipo vutoli lachepa kwambiri. Ngakhale zili choncho, mizere yofanana m'lifupi imatuluka yosalala ndiponso yokhulupirika pa muyeso kuposa mizere yosinthasintha, kotero kamlomo kathu tikapatsa mamilimita 1.7 kuti kalowe mizere inayi yathunthu. Chilichonse chopyapyala kuposa mzere umodzi chili pa ngozi yosapulintidwa n'komwe, ndipo njira yodziwira ndi kuyang'ana maleya mmodzimmodzi pa chithunzi chimene silaisa imaonetsa ikamaliza kudula.

Kupendekeka kumene pulasitiki ingapirire

Lamulo lodziwika limati mbali yopendekeka mpaka madigiri 45 kuchokera pa choimirira imatuluka bwino popanda chochirikiza. Lamuloli ndi labwino poyambira, koma limabisa chimene chikuchitika. Pa mbali yopendekeka, leya iliyonse imatuluka kunja pang'ono kupitirira imene ili pansi pake, ndipo katulukidweko ndi kuchindikala kwa leya kuchulukitsa ndi tanjenti ya kupendekekako:

```
45°:  0.2 × tan 45° = 0.20
60°:  0.2 × tan 60° ≈ 0.35
60°:  0.1 × tan 60° ≈ 0.17
```

Pa madigiri 45, mamilimita 0.20 a mzere wa 0.45 ali m'malere, kutanthauza kuti kupitirira theka la mzerewo lakhala pa pulasitiki yolimba. Pa madigiri 60 ndi leya yomweyo, mamilimita 0.35 ali m'malere, ndipo chogwira chatsala 0.10 yokha, imene siingaletse mzere wofewa kugwa. Koma pa madigiri 60 omwewo, leya ikachepetsedwa kufika pa 0.1, mzere umakhala bwino kuposa mmene unalili pa madigiri 45 ndi leya ya 0.2. Choncho malire enieni si digiri inayake, koma gawo la mzere limene lili ndi pokhala. Munthu angasunthe malirewo pochepetsa kuchindikala kwa leya pa dera lovutalo lokha, kapena pokulitsa pang'ono m'lifupi mwa mzere.

Chinthu china ndi kuzizira. PLA imalola fani kuomba ndi mphamvu yonse, ndipo imauma msanga, n'chifukwa chake pa makina abwino imatha kupirira kupendekeka kwa madigiri 55 kapena 60. PETG, mtundu wina wa pulasitiki, imatuluka yotentha kwambiri, pa madigiri a kutentha 230 mpaka 250, ndipo imafuna mphepo yocheperapo kuti maleya amatane bwino, kotero imagwa msanga. Pulasitiki ya ABS imapindika ndi kusweka ikaombedwa mphepo yambiri, choncho nayonso ndi bwino kuisunga pafupi ndi kupendekeka kwa madigiri 45. Zimathandizanso kuti silaisa iyale mizere yam'kati poyamba, kenako wakunja, kuti mzere wolendewerawo upeze mnzake woumirira cham'mbali.

Zizindikiro za kupyola malire ndi ziwiri, ndipo zimasiyana mankhwala. Kunsi kwa mbali yopendekeka kukakhala timalupu ta ulusi tolendewera, mzere unasowa pokhala, ndipo chofunika ndi kusintha leya, kupendekeka kapena kuika chochirikiza. M'mphepete mukapiringizikira m'mwamba, makamaka pa makona, mpaka nozo n'kumagunda ikamadutsa, pulasitiki inafota isanaume, ndipo chofunika ndi mphepo yambiri, kutsitsa kutentha pang'ono kapena kuchepetsa liwiro. Mbali imodzi ikatuluka bwino pamene inzake yofanana nayo yawonongeka, yang'anani kumene fani ikuombera musanasinthe china chilichonse.

Pali msampha wina umene umagwira anthu osamuka pa silaisa ina kupita pa ina. Mu Cura, `Support Overhang Angle` imawerengedwa kuchokera pa choimirira, kotero nambala yaikulu imachepetsa zochirikiza. Mu PrusaSlicer, `Overhang threshold` imawerengedwa kuchokera pa chopingasa, kotero nambala yaikulu imachulukitsa zochirikiza. Madigiri 55 a Cura ndi ofanana ndi madigiri 35 a PrusaSlicer. Ziwirizi zimangogwirizana pa 45, ndipo mwina n'chifukwa chake ambiri sazindikira kusiyanaku mpaka tsiku limene asintha nambalayo.

Tibwerere ku mabowo a masikuluwu. Bowo la M4 timalijambula mamilimita 4.5, ndipo popeza lagona mopingasa, denga lake limayamba mopendekeka pang'ono n'kumapitirira kupendekeka mpaka kufika pogona ndithu pamwamba penipeni. Pa bowo laling'ono chonchi, denga limangotsika pang'ono, ndipo bowolo limatuluka lophwatalala pamwamba. Kuika chochirikiza m'kati mwake kungabweretse ntchito yochikolopola popanda phindu. Njira yabwino ndi kusintha chojambula kuti pamwamba pa bowo pakhale posongoka ngati dontho la madzi, mbali zake ziwiri zikukwera pa madigiri 45 mpaka kukumana, ndipo mutu wa sikuluwu kapena washala umaphimba kansongako. M'mphepete mwa bulaketi mmene mwagona pa bedi, pewani kubulungiza, chifukwa kubulungira kumayamba pafupifupi chogona ndipo maleya oyambirira amasowa pokhala. M'malo mwake dulani mopendekeka madigiri 45, ngakhale theka la milimita lokha, zomwe zimabisanso kufufuma kwa leya yoyamba imene imakanikizidwa pa bedi.

Nthiti ndi kakhutu

Nthiti ya pa ngodya inajambulidwa pakati, ndipo kunsi kwake ndi kogona, mamilimita 8 pamwamba pa bedi. Silaisa ikasiyidwa yokha idzadzaza pansi pake ponse ndi zochirikiza. Koma nthitiyi yagwira mkono mbali imodzi ndi msana mbali inayo, kutanthauza kuti mzere ungathe kuchoka pa mkono n'kukafika pa msana uli wokokeka m'malere ngati chingwe. Umenewu ndi mlatho, ndipo ndi wosiyana ndi mbali yolendewera chifukwa uli ndi pogwira kumbali zonse ziwiri. Ngati nthiti ndi ya mamilimita 30 mbali iliyonse, mlatho wautali kwambiri udzakhala wa mamilimita pafupifupi 42, umene PLA yozizidwa bwino ingauoloke, ngakhale kuti mizere yoyamba idzatsika pang'ono ndipo sidzamatana bwino. Komabe funso loyenera kulifunsa poyamba ndi lakuti n'chifukwa chiyani nthitiyi ili pakati. Ilipo chifukwa wojambula anafuna kuti mbali zonse zifanane, osati chifukwa katundu akufuna zimenezo. Tikaitsitsa kuti igone pa bedi, kapena kuichindikaza kuti iyambire pa bedi n'kukwera kupitirira pakati, vuto lonse latha popanda chochirikiza kapena mlatho.

Kakhutu ndi nkhani ina. Katuluka mamilimita 15 kuchokera pa mkono, kagwira mbali imodzi yokha, ndipo kayenera kukhala pakati ndiponso kochindikala mamilimita 4 chifukwa kakulowa pakati pa mano a chipangizo china. Sitingakatsitse, ndipo sitingaike mlatho chifukwa kutsidya kulibe pogwira. Ngakhale titaika chotsamira cha madigiri 45 kunsi kwake, kuchokera pa mtunda wa mamilimita 8 chingangofika mamilimita 8 kunja, komanso chingatseke malo a dzino limodzi. Pano chochirikiza chikufunikadi, ndipo pa bulaketi yonse ndi pano pokha.

Chochirikiza chabwino chimayenera kuchita zinthu ziwiri zotsutsana: kunyamula leya yoyamba ya kakhutu, koma osamatana nayo. Chimene chimalamulira zimenezi ndi kampata ka pakati pa nsonga ya chochirikiza ndi chinthucho, kamene mu Cura ndi `Support Z Distance` ndipo mu PrusaSlicer ndi `Top contact Z distance`. Pa maleya a 0.2 ndi PLA, kampata ka 0.2 ndi poyambira pabwino. Kakachepa, chochirikiza chimakakamira ndipo pochichotsa chimasiya zipsera zoyera kapena kuthyola kakhutu. Kakakula, chimachoka mosavuta koma kunsi kwa kakhutu kumakhala ulusi wobulungira wosamatana, ndipo muyeso umasokonekera. PETG imamata kwambiri, kotero imafuna kampata kokulirapo, monga 0.25 kapena 0.3 ngati silaisa ikulola. Pamwamba pa chochirikiza tiika maleya awiri kapena atatu othinana, amene amakhala ngati denga losalala, kuti mizere ya kakhutu isagwere m'mipata ya chochirikiza. Cham'mbali tisiya pafupifupi theka la milimita kapena kupitirira pang'ono pakati pa chochirikiza ndi mkono, kuti chisamatirire ku khoma.

Posankha malo, tiuza silaisa kuti zochirikiza ziyambire pa bedi pokha, zomwe mu Cura ndi `Touching Buildplate` ndipo mu PrusaSlicer ndi `Support on build plate only`. Chochirikiza choimirira pa chinthu chenichenicho chimawononga malo awiri, pamene chaponda ndi pamene chanyamula. Kusankha kumeneku kumatetezanso mabowo a masikuluwu, chifukwa chochirikiza cham'kati mwa bowo chikanayenera kuponda pansi pa bowolo. Ngati silaisa ikuikabe zina pamalo osafunika, pali zida zotsekera dera kapena zopentera pamene mukufuna chochirikiza pokha. Zochirikiza zooneka ngati mtengo wa nthambi zimathandiza pa zinthu zokhotakhota zimene zili ndi timalo tambiri tolendewera, koma pa kunsi kogona ndi kotambalala ngati kwa kakhutu, chochirikiza wamba chokhala ndi denga lothinana chimapereka nkhope yosalala kuposa.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, nkhope imene inagona pa chochirikiza siifanana ndi nkhope yapamwamba. Imakhala yokhakhala, ndipo kawirikawiri imatsika pang'ono kulowa mu kampata kamene tinasiya, moti kakhutu kojambulidwa mamilimita 4 kakhoza kutuluka kochindikala kuposa pamenepo ndi gawo limodzi kapena awiri mwa magawo khumi a milimita. Popeza kakulowa pakati pa mano, ndi bwino kukajambula mamilimita 3.8, kapena kukulitsa mpata wa manowo ndi 0.3 kapena 0.4. Pa makina otha kusintha filamenti, denga la chochirikiza lingapangidwe ndi PVA imene imasungunuka m'madzi, kapena ndi PETG pansi pa PLA popeza ziwirizi sizimatana bwino, ndipo pamenepo kampatako kangatsekedwe kufika pa ziro n'kupeza nkhope yosalala kwambiri.

Tisanapulinte bulaketi yonse, ndi nzeru kudula mu silaisa kachigawo kokhala ndi kakhutu ndi kagawo kochepa ka mkono, n'kupulinta kokhako. Chochirikiza chiyenera kuchoka ndi zala kapena ndi pulayazi yaing'ono, chikumveka kuthetheka kamodzi, n'kusiya denga lake lonse lili lathunthu. Chikafuna mpeni, onjezerani kampata ndi 0.05. Chikagwa chokha pochotsa pa bedi ndipo kunsi kwa kakhutu kukuoneka ulusi wotayana, chepetsani kampatako ndi muyeso womwewo, kenako yezani kakhutu ndi kalipa, chida choyezera kuchindikala, n'kukayesa m'mano a chipangizo chinacho musanayambe maleya 100 a bulaketi yeniyeni.